Funso Lililonse ndi Nambala Yake

Tiyerekeze kuti tili pa sukulu ya pulayimale ku Msumba, m'boma la Lago, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Metangula. Chaka cha sukulu changoyamba kumene, ndipo mphunzitsi wa kalasi yoyamba ya zinenero ziwiri ali ndi ana makumi anayi. Iye akufuna kudziwa zinthu zingapo kwa makolo, choncho akulemba kalata m'Chinyanja ndi kupatsa mwana aliyense kuti apite nayo kwawo. Kalatayo ikuti:

"Okondedwa makolo, muli bwanji? Ife kuno tili bwino. Tikufuna kudziwa ngati mwana wanu ali ndi kalata ya kubadwa ndipo ngati mungatitumizire kuti tilembe dzina lake molondola, komanso mutiuze chinenero chimene mumalankhula kunyumba chifukwa mwanayu ali m'kalasi ya zinenero ziwiri. Kudzakhalanso msonkhano wa makolo, ndiye mutiuze tsiku labwino kwa inu pakati pa Lachitatu ndi Loweruka. Kodi simudzabwera? Zikomo."

Mawa lake makalata ena abwerera. Kuseri kwa kalata ina kwalembedwa kuti, "Tamva, aphunzitsi. Tidzabwera." Pa ina pali mawu amodzi okha, "Inde." Mwana wina wangonena pakamwa kuti, "Amayi akuti Loweruka." Mphunzitsi wayankhidwa ndithu, koma sakudziwabe kuti ndi ana angati ali ndi kalata ya kubadwa, ndiponso ndi angati amalankhula Chiyao kunyumba. Pamenepa n'kwapafupi kunena kuti makolo salabadira za sukulu. Ife tikuti cholakwa chili m'kalata. Makolowo ayankha funso limene analimva, ndipo kalatayo inawamvetsa funso limodzi lokha.

Ulendo wa kalata

Kuti timvetse chimene chachitika, tiyeni tiitsatire kalatayo kuchokera pakhomo la kalasi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangaiwerenge. Akafika kwawo mwina apeza bambo akugona, popeza anachezera panyanja usiku wonse kupha usipa, ndipo amayi ali kumunda wa chinangwa. Kalata idikira mpaka madzulo. Kawirikawiri woiwerenga si woiyankha: mkulu wake wa mwanayo, kapena mnansi wodziwa kuwerenga, amawerenga mokweza, kholo nkumamvetsera. Choncho kalata imene ife tinailembera maso imafika kwa mwini wake kudzera m'khutu.

Maso amatha kubwerera m'mbuyo kukaonanso chimene adumpha, koma khutu silitero. Womvetsera amasunga bwino chimene wamva pomalizira, ndipo zapakati zimazimirira. M'kalata yathu funso lomalizira linali la kubwera ku msonkhano, n'chifukwa chake pafupifupi aliyense anayankha limenelo. Kuwonjezera apo, mafunso enawo sanaoneke ngati mafunso. Anabisala m'mawu akuti "tikufuna kudziwa ngati" ndi "mutiuze", ndipo m'kalata yonse funso la ntchito lokhala ndi "kodi" ndi chizindikiro cha funso linali limodzi. Womvetsera analibenso njira yodziwira kuti watsiriza kuyankha, chifukwa palibe anamuuza kuchuluka kwa mayankho amene akuyembekezeka.

Ntchito ya nambala

Njira yokonzera vutoli ndi yakale, ndipo anthu a ku Msumba amaidziwa bwino. Mishoni ya Angilikani yakhala ikugwira ntchito pa gombe limeneli kuyambira m'zaka za m'ma 1880, m'masiku a William Percival Johnson, amene anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja. Kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akupeza nyimbo m'buku potchula nambala yake, ndi kupeza mawu m'Baibulo potchula mutu ndi vesi. Ophunzira Korani nawonso amadziwa kupeza mawu mwa sura ndi aya. Wotsogolera akatchula nambala, anthu onse amatsegula pa malo amodzi popanda iye kubwereza mawu a nyimbo.

Nambala ya funso imagwira ntchito yomweyo. Imapatsa funso malo ake, kotero kuti yankho likamabwerera limadziwa pofikira. Kholo likalemba kuti "3. Chiyao", silifunika kubwereza funso kapena kupanga chiganizo chathunthu, ndipo mphunzitsi safunika kulota. Izi n'zothandiza kwambiri kwa munthu amene amalemba movutikira, pakuti chimene akanalemba m'mizere itatu amachinena m'liwu limodzi. Nambala imaonetsanso chosowa. Yankho likakhala ndi 1, 2, 4 ndi 5, wolemba ndi wolandira yemwe amaona pomwepo kuti 3 wadumphidwa. M'kalata ya ndime imodzi chodumphidwa sichisiya mpata wooneka.

Mfundo yaikulu ya phunziro lino ndi imeneyi: nambala imodzi, funso limodzi, yankho limodzi. Zonse zimene zikutsatira zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Kukonza kalata ija

Choyamba ndicho kuwerengera mayankho amene tikufuna, tisanalembe kanthu. Tikafunsa mphunzitsi uja kuti anafunsa mafunso angati, mwina anganene kuti anayi: kalata ya kubadwa, chinenero, tsiku, ndi kubwera. Koma tikawerengera mayankho tipeza asanu. Mawu akuti "ali ndi kalata ya kubadwa ndipo mungatitumizire" ali ndi mafunso awiri. Mwana angathe kukhala nayo kalatayo, koma makolo nkukana kuipereka m'manja mwa kamwana koyenda pamvula, ndipo m'pomveka. Kholo lotere likayankha kuti "ayi", ife tidzalemba kuti mwanayo alibe kalata, pamene ali nayo. Poyesa funso lililonse tiyang'ane timawu "ndi", "ndipo" ndi "komanso". Tikapeza kamodzi pakati pa funso, tidzifunse ngati munthu angavomere mbali imodzi ndi kukana inayo. Ngati angathe kutero, funsolo tilidule pawiri.

Chachiwiri ndicho kuika mafunso m'ndondomeko yake. Funso limene ena akudalira likhale patsogolo pa iwo. Sitingafunse munthu tsiku labwino tisanadziwe ngati adzabwera, ndipo sitingafunse za kutumiza kalata tisanadziwe ngati ilipo. Mafunso a nkhani imodzi akhale moyandikana. Popeza munthu angatope asanafike kumapeto, nkhani imene tikuifuna kwambiri ikhale pamwamba. Kwa mphunzitsi wathu, msonkhano ungathe kuchitika ngakhale ena asayankhe, koma kaundula wa mayina sangadzazidwe popanda yankho la nyumba iliyonse. Choncho za kalata ya kubadwa ziyambe.

Chachitatu ndicho kunena kuchuluka kwa mafunso tisanayambe kufunsa. Chiganizo chakuti "Tili ndi mafunso asanu" ndi chachifupi, koma chimagwira ntchito yaikulu kwa womvetsera. Iye amayamba kuwerenga ndi zala, ndipo wowerenga akaima pa funso lachinayi, mwini wake amadziwa kuti latsala limodzi.

Chachinayi ndicho kuonetsa mtundu wa yankho. Pamene mayankho otheka ndi ochepa, tiwalembe pansi pa funso kuti munthu angosankha. Pamene yankho ndi la mwini wake, tisiye mpata wolembapo. Kalata ija ikalembedwanso ingaoneke motere:

Okondedwa makolo a ................

Muli bwanji? Ife kuno tili bwino, ndipo mwana wanu tamulandira ndi chimwemwe m'kalasi yoyamba. Tili ndi mafunso asanu. Tikupempha kuti muyankhe onse, polemba mzere kunsi kwa yankho lanu.

1. Kodi mwana wanu ali ndi kalata ya kubadwa?
Ali nayo / Alibe

2. Ngati ali nayo, kodi tidzaiona bwanji?
Ndidzabwera nayo ndekha / Ndidzapatsira mwana

3. Kodi kunyumba mwanayu mumalankhula naye chinenero chanji nthawi zambiri?
Chinyanja / Chiyao / Chipwitikizi / China: ................

4. Kudzakhala msonkhano wa makolo pasukulu. Kodi kunyumba kwanu kudzachokera munthu?
Adzabwera / Palibe adzabwere

5. Ngati adzabwera, kodi tsiku labwino ndi liti?
Lachitatu, pa ........ / Loweruka, pa ........

Kalatayi ibwerere kusukulu pofika Lolemba, pa ........ Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu.

M'mipata ya masiku mphunzitsi alembe deti ndi mwezi asanagawe makalata. Tione kuti moni sunachotsedwe. Kalata yoyamba ndi "1." popanda moni imamveka ngati yochokera kubwalo la milandu, ndipo kholo lingailandire ndi mantha kapena ndi mkwiyo. Moni ndi kuthokoza zimaima kunja kwa manambala, chifukwa nambala timaisungira chinthu chofuna yankho. Tikaika nambala pa chidziwitso wamba, monga chakuti sukulu imayamba m'mawa, owerenga adzazolowera kuti manambala ena safuna yankho, ndipo adzayamba kudumpha ndi ofunika omwe.

Tionenso kuti mafunso 2 ndi 5 ayamba ndi "ngati". Kamawu kameneka kakumasula munthu amene funsolo silikumukhudza. Kholo la mwana wopanda kalata likafika pa funso 2 likudziwa kuti lingapitirire. Popanda "ngati" likanaima pomwepo, nkuganiza kuti kalata yonse si yake.

Misampha iwiri ya chinenero chathu

Pali zinthu ziwiri zimene mphunzitsi wa zinenero ziwiri ayenera kusamala nazo koposa anzake, chifukwa zimachokera m'Chinyanja momwemo ndi pa kukumana kwake ndi Chipwitikizi.

Msampha woyamba uli m'mayina a masiku. Liwu lakuti "funso" ndi liwu lakuti "tsiku" ali m'gulu limodzi la mayina, choncho amatenga mgwirizano wofanana: timati funso lachitatu, timatinso tsiku lachitatu. Masiku a pakati pa sabata, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu, ndi manambala omwewo. Tsono tiyerekeze kuti mnansi akuwerengera mayi kalata ija, ndipo m'malo motchula nambala akungoti, "Lachitatu." Mayiyo angamve kuti watchula tsiku la msonkhano. Chimodzimodzi mwana akabwera ndi uthenga wa pakamwa wakuti, "Abambo akuti lachitatu sakulidziwa", sitingadziwe ngati bamboyo sanamve funso la chinenero kapena akukayika za tsiku. Pa pepala chilembo chachikulu chimasiyanitsa ziwirizi, koma khutu silimva kukula kwa chilembo.

Chipwitikizi chimawonjezera chisokonezo, popeza chimayamba kuwerenga masiku pa Lamulungu. Lolemba amalitcha segunda, ndiye kuti lachiwiri. Lachiwiri lathu amalitcha tersa, ndiye kuti lachitatu, ndipo Lachitatu lathu ndi kwarta, lachinayi. Munthu wozolowera kalendala ya Chipwitikizi akaona "Lachitatu" angalimasulire m'mutu kuti tersa, nkufika pasukulu kutatsala tsiku limodzi. Mankhwala ake ndi awiri. Manambala a mafunso tizilemba ndi zizindikiro, 1, 2, 3, ndipo ana tiwaphunzitse kuwerenga mokweza kuti "funso lachitatu", osasiya liwu lakuti funso. Tsiku lililonse lotchulidwa m'kalata likhale ndi deti lake pambali, monga tachitira mu funso 5.

Msampha wachiwiri ndi funso lokana. Kalata yoyamba ija inati, "Kodi simudzabwera?" M'Chinyanja munthu akayankha funso lotere kuti "inde", kawirikawiri akuvomereza zimene wofunsa wanena, ndiye kuti sadzabwera. Koma wina angalembe "inde" yemweyo pofuna kunena kuti adzabwera. Pokambirana pamaso, nkhope ndi mawu otsatira zimatithandiza kumva tanthauzo, koma pa pepala liwulo limaima lokha. Choncho kalata ija yokhala ndi "Inde" yekha inalibe tanthauzo lodalirika ngakhale pa funso limodzi limene inayankha. Pa mndandanda wa manambala tisaikepo funso lokana. Ndi bwinonso kuti mayankho osankha abwereze mneni, monga "Ali nayo" ndi "Alibe", m'malo mwa "inde" ndi "ayi". Yankho lotere limamveka lokha, ngakhale mwana alibweretse pakamwa pepala litanyowa.

Zimene mayankho amatiuza

Makalata akabwerera, ntchito ya manambala imapitirira. Titenge tsamba la kope, tilembe mayina a ana kutsika pansi kumanzere, ndipo pamwamba tilembe 1, 2, 3, 4, 5 mopingasa. Ana makumi anayi ndi mafunso asanu zikupereka timabokosi 200. Yankho lililonse lilowe m'kabokosi kake. Tikatsiriza, tiyang'ane timabokosi totsala topanda kanthu, chifukwa ndi timeneto timatiuza pamene pali vuto.

Ngati mipata yandandalika mopingasa, pa dzina la mwana mmodzi, vuto lili pa ulendo wa kalata. Mwina sinafike, mwina panyumbapo palibe wowerenga, mwina makolo ali kutali ku usodzi. Nyumba imeneyo ifunika kuiyendera kapena kutumako munthu wa m'bungwe la sukulu. Koma ngati mipata yandandalika kutsika pansi, pa nambala imodzi, vuto lili m'funso, ndipo mwini vutolo ndi ife. Tiyerekeze kuti makolo ambiri ayankha zonse koma asiya funso 3. Tiyambe taliwerenganso. Mwina panyumba zambiri amalankhula zinenero ziwiri, bambo Chiyao, mayi Chinyanja, ndipo sanadziwe ngati n'kololedwa kusankha ziwiri. Mwinanso akuopa kuti akatchula Chiyao mwana wawo achotsedwa m'kalasi. Pa vuto loyamba tiwonjezere mawu akuti "mungathe kusankha ziwiri". Pa lachiwiri tifotokoze chifukwa chimene tikufunsira, kuti tikufuna kudziwa ana ofunika thandizo lapadera pa Chinyanja m'masabata oyamba.

Palinso chizindikiro chachitatu. Mayankho akayamba bwino nkumachepa chakumapeto, mndandanda watalika. Ife timalangiza kuti kalata yopita kwa makolo isapitirire mafunso asanu, oti womvetsera awawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Chinenero chathu chomwe chimawerenga mwa zisanu: tikadutsa pamenepo timati "lachisanu ndi chimodzi", "lachisanu ndi chiwiri", mayina aatali oyamba mofanana, osavuta kuwasokoneza pomvetsera. Mafunso akakhala asanu ndi atatu, ndi bwino kuwagawa m'makalata awiri, kapena kusunga ena kuti akafunsidwe pamsonkhano.

Potumizanso kalata kwa amene sanatsirize, tisasinthe manambala. Ngati kholo lasiya funso 3, tilembe kuti, "Talandira mayankho anu, zikomo. Latsala funso 3," ndi kulibwereza pansi pa nambala yomweyo. Tikalitcha 1 chifukwa tsopano lili lokha, yankho lidzabwera ndi nambala 1, ndipo tsiku lina tidzalilowetsa m'bokosi la kalata ya kubadwa.

Uthenga wa pa foni

Aphunzitsi timalemberananso ndi mkulu wa sukulu, ndi wotsogolera gulu la masukulu oyandikana, ndi a ku ofesi ya maphunziro ku Metangula. Ulendo wa kumeneko umadya nthawi ndi ndalama, choncho zambiri timafunsa pa foni. Munthu wotanganidwa amawerenga uthenga ali chiimire, nkuyankha mzere umene waugwira ndi maso. Tikamufunsa m'ndime imodzi za mabuku, za tsiku la maphunziro a aphunzitsi ndi za mapepala a kaundula, adzayankha chimodzi, ndipo tidzafunika kulembanso kawiri.

Mfundo ndi yomweyo, koma malo ndi ochepa. Uthenga umodzi wa foni, wosadalira intaneti, umalola zilembo 160, kuphatikizapo mipata ya pakati pa mawu. Tikaikamo chilembo ngati ŵ kapena ã, pa mafoni ambiri malirewo amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga umagawika m'zidutswa zolipiridwa chilichonse pachokha. Choncho mawu akhale ochepa, koma moni, chiwerengero ndi manambala zisachoke:

Mwadzuka bwanji, a Mkulu? Mafunso 3:
1. Mabuku a Chinyanja a kalasi 1 afika?
2. Afika angati?
3. Tidzatenge deti liti?
Zikomo.

Yankho lingabwere lalifupi chonchi: "1. Afika. 2. 35. 3. Pa 14." Mphunzitsi wa ana makumi anayi adziwa pomwepo kuti mabuku asanu akusowa, asanayende n'komwe. Tionenso apa kuti yankho likakhala nambala, monga 35 kapena 14, dontho lotsatira nambala ya funso ndi kuyamba funso lililonse pa mzere wake n'zofunika, kuti "2" ndi "35" zisawerengedwe ngati 235.

Ifenso tikalandira uthenga wa mafunso a manambala, tiyankhe mwa manambala omwewo, osadumpha ngakhale limodzi. Pamene yankho tilibe, tilembe nambalayo ndi kunena kuti, "Ndidzayankha Lachisanu, pa 16." Wofunsa akapeza mpata sadziwa ngati taiwala, takana kapena sitinaone.

Pamene manambala sayenera

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imayenera mafunso a mayankho achidule odziwika, monga tsiku, chiwerengero, dzina, kapena kusankha pakati pa zinthu ziwiri. Siyenera nkhani yofuna kukambirana. Mwana akajomba masabata awiri, sitilembera makolo mndandanda wofunsa chifukwa chake, amene akumusamala, ndi tsiku limene adzabwerere. Kalata yotere ndi yozenga mlandu, ndipo kuseri kwa kujombako kungakhale matenda, maliro kapena njala. Nkhani yotere timapita nayo tokha, tikhale pansi, tilonjerane, kenaka tifunse pang'onopang'ono. Chimodzimodzi kwa mfumu ya mudzi: pempho la malo a msonkhano kapena la thandizo pomanga kalasi timalipereka pamaso, motsata mwambo. Mndandanda ungakhale m'kope mwathu kuti utikumbutse zofunsa, ndipo tikabwerako tilembe mayankho pa manambala ake.

Funso likakhala limodzi, nambala ndi yosafunika. Akakhala awiri ogwirizana, ziganizo ziwiri zoyamba ndi "kodi", chilichonse pa mzere wake, n'zokwanira. Kuyambira pa atatu mpamene manambala amayamba kupindulitsa.

Kuphunzitsa ana luso lomweli

Maphunziro a zinenero ziwiri anayesedwa m'dziko la Mozambiki kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza, ndipo anayamba kukhazikitsidwa m'masukulu a boma mu 2003. Maziko ake ndi akuti luso limene mwana waligwira m'chinenero chake amapita nalo ku Chipwitikizi. Kuyankha mafunso mwa manambala ndi luso lotere. Pepala la mayeso ndi uthenga wa mafunso ambiri, ndipo mwana angathe kudziwa mayankho koma nkulephera chifukwa choika yankho la funso 4 pa nambala 3. Akaphunzira kulumikiza nambala ya funso ndi ya yankho m'Chinyanja, pamene mawu onse akuwamva, sadzalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi mafunso akadzayamba kubwera m'Chipwitikizi.

M'kalasi yachiwiri tingayambe pakamwa. Mphunzitsi anene kuti ali ndi mafunso atatu, akweze chala pa funso lililonse, ndipo mwana ayankhe motchula kuti "yankho loyamba", "yankho lachiwiri". M'kalasi yachitatu ana awiriawiri alemberane timakalata ta mafunso atatu, monga za nsomba zimene anadya dzulo kapena za mudzi wa agogo awo, ndipo wolandira ayankhe ndi manambala okha. Kenaka wofunsa aone ngati nambala iliyonse yabwerera ndi yankho lake. Ana amenewa ndiwo amawerengera makolo makalata athu madzulo, choncho phunziroli limabwerera kudzathandiza ife tomwe.

Ntchito yoti tichite

Aliyense wa ife atenge kalata kapena uthenga umene analembapo wokhala ndi mafunso angapo m'ndime imodzi. Awerengere mayankho amene ankafuna, adule mafunso ophatikizana, achotse mafunso okana, ndipo aulembenso ndi manambala. Kenaka tikhale atatuatatu. Woyamba apereke kalata yake kwa wachiwiri, amene aiwerenge mokweza kamodzi kokha, wachitatu akumvetsera osaona pepala. Wachitatuyo anene kuchuluka kwa mafunso amene wamva, ndi kuyankha lililonse motchula nambala yake. Funso limene walidumpha, kapena limene wapempha kuti libwerezedwe, mwini kalata alilembenso, ndipo tisinthane malo mpaka makalata onse atatu ayesedwe.